Mmene mungafotokozere amalume kwa munthu wodziwa ankolo okha

Chingerezi chili ndi liwu limodzi, ankolo, pamene ife tili ndi anthu atatu osiyana: amalume, bambo aakulu ndi bambo aang'ono. Chili ndi anti pamene ife tili ndi azakhali, mayi aakulu ndi mayi aang'ono. Kazeni wawo amanyamula asuweni pamodzi ndi anthu amene kwa ife ndi achimwene ndi achemwali enieni. Vutoli limagwera aliyense woima pakati pa zinenero ziwiri, kaya ndi wotanthauzira kubwalo la milandu, kalaliki wodzaza fomu, mlaliki womasulira uthenga wa mlendo, kapena kholo lolera ana ku Joni ndi ku Mangalande. Ambiri akafika pamenepa amayamba kusakasaka liwu limodzi loti lilowe m'malo mwa linzake, koma liwulo kulibe, ndipo dikishonale singawathandize. Chofunika ndi kupeza kaye kumene ubale wadzera, kenako kudziwa chimene womverayo akufunira mawuwo, n'kumupatsa chokhacho.

Choyamba, tsatani ubale kufikira mutauona ndi maso

Musanamasulire kanthu, dziwani inuyo kuti munthu akunenedwayo ndi ndani. Tengani pepala. Lembani wolankhulayo pansi, mayi ake ndi bambo ake pamwamba pake, kenako funsani kuti munthu watchulidwayo akulumikizana ndi uti mwa awiriwa. Mafunso ake ndi ochepa: ndi wa kwa mayi kapena wa kwa bambo? Ndi mwamuna kapena mkazi? Anabadwa kholo lija lisanabadwe kapena pambuyo pake? Ndi wa magazi, wobwera ndi ukwati, kapena tikungomupatsa ulemu?

Pali lamulo limodzi limene likugwira mawu onsewa, ndipo mukalidziwa simuvutikanso kuloweza. Ngati m'baleyo ali wofanana ndi kholo limene ubale wadzera, mwamuna kwa mwamuna mnzake kapena mkazi kwa mkazi mnzake, ndiye kuti nayenso ndi kholo. Mchimwene wa bambo ndi bambo, mchemwali wa mayi ndi mayi, ndipo ana awo ndi abale anu monga obadwa nawo bere limodzi. Koma ubale ukadutsa kuchoka kwa mkazi kupita kwa mwamuna, kapena kwa mwamuna kupita kwa mkazi, dzina limasintha. Mlongo wa mayi ndi amalume, ena amati atsibweni. Mlongo wa bambo ndi azakhali. Ana a awiriwa ndi asuweni, anthu amene mumaseka nawo momasuka, amene kale makolo ankalola ngakhale kukwatirana nawo. Mwana wa bambo aang'ono simungayerekeze n'komwe, ndi mlongo wanu ameneyo.

Mawu oti aakulu ndi aang'ono amasokoneza alendo chifukwa iwo amayesa tikunena za msinkhu kapena zaka za munthuyo poyerekeza ndi ife. Ayi, tikuyerekeza ndi kholo lathu. Mwana wamwamuna wotsiriza wa agogo a kwa bambo akhoza kubadwa chaka chimodzi ndi inu, mwina pambuyo panu, koma ndi bambo aang'ono basi. Liwu loti mlongo nalo limadalira amene akulankhula. Mwamuna akati mlongo wanga akunena mkazi, mkazi akati mlongo wanga akunena mwamuna. Wotanthauzira amene wazolowera kuti mlongo ndi mkazi nthawi zonse amalakwitsa theka la nthawi.

Funso la magazi, ukwati kapena ulemu musalidumphe. Bambo aang'ono akhoza kukhala mng'ono wa bambo, komanso akhoza kukhala mwamuna wa mayi aang'ono. M'madera ena mkazi wa amalume amatchedwa azakhali. Ndipo m'tauni ana amaitana ankolo mnzawo aliyense wa bambo awo, mpaka kondakitala wa minibasi. Safunsa anadya phula; funsani wolankhulayo kuti, amenewa ndi amalume anu a mimba imodzi ndi mayi anu, kapena ndi a kwa agogo aang'ono?

Chachiwiri, siyanitsani dzina la ubale ndi udindo wake

Liwu loti malume limanyamula zinthu ziwiri. China ndi njira ya magazi, mlongo wa mayi. China ndi ntchito imene munthuyo amagwira pamtundu. Njira ya magazi siisintha kulikonse, koma ntchitoyo imasintha malinga ndi dera, ndipo apa ndi pamene omasulira ambiri amapitirira malire.

Kwa Achewa, Ayao ndi Alomwe, kumene mtundu umawerengedwa kudzera kwa mayi, amalume ndi mwini mbumba. Mbumba yawo ndi alongo awo pamodzi ndi ana a alongowo. Ndiwo amayang'anira malo a mtundu, amamva milandu ya ana a alongo awo, amatsogolera zokambirana pa zovuta, ndipo kawirikawiri ndiwo amakhala ankhoswe kapena kusankha ankhoswe. Ufumu umapita kwa mwana wa mlongo wa mfumu, osati kwa mwana wobereka yekha. Koma pitani ku Mzimba, ku Rumphi, ku Karonga kapena ku Nsanje, kumene anthu amalowola ndipo ana amakhala a kuchimuna, mukapeza kuti mphamvu zambiri zimenezi zili m'manja mwa bambo ndi abale awo. Amalume alipo ndithu, amalemekezedwa, koma si eni ana. Ufumu wa Inkosi ya Makosi M'mbelwa umachoka kwa bambo kupita kwa mwana, pamene wa Kalonga Gawa Undi ku Katete umatsata kwa mayi.

Choncho musauze mlendo kuti ku Malawi amalume ndi amene ali ndi ana. Nenani kuti kwa anthu awa, m'mudzi uno, zili choncho. Ngakhale m'midzi ya chikamwini zinthu zinasuntha. Bambo wolipirira ana ake sukulu ku Lilongwe sayembekezera chilolezo cha mlamu wake. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa womwalirayo, ana ake ndi amene ankawasamalira, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Mukafotokozera mlendo kuti malume ndi amene amatenga chuma cha banja, mwamuuza zimene lamulo silivomereza, komanso mwaipitsa amalume ambiri amene amangosenza mavuto a mbumba popanda chowapindulira.

Chachitatu, dzifunseni kuti womverayo akuwafunira chiyani mawuwa

Munthu mmodzi yemweyo, amalume omwewo, amafotokozedwa mosiyana kwa anthu osiyana. Dokotala wofunsa ngati pamtundu panu pali matenda a shuga akufuna magazi okha. Kwa iye nkokwanira kunena kuti mlongo wa mayi ake, mimba imodzi. Zoti ndi mwini mbumba sizimuthandiza. Koma namwino amene akudabwa chifukwa chake banja likuzengereza kuvomera opaleshoni mpaka munthu wina afike kuchokera kumudzi akufuna udindo. Muuzeni kuti akudikira wamkulu wa mtundu wa kwa mayi, amene pa nkhani zazikulu banja limafuna kumva mawu ake. Mukangoti akudikira ankolo, namwinoyo aona ngati anthu akungotaya nthawi.

Pa fomu ya boma, ya banki, ya penshoni kapena ya chitupa cholowera dziko lina, lembani njira ya magazi yokha, ndipo muilembe molunjika. Apa ndi pamene anthu athu ambiri amakodwa. Munthu analeredwa ndi mayi aang'ono kuyambira ali wakhanda, moyo wake wonse amawatcha mayi, ndipo pa fomu alemba dzina lawo pa malo a mayi. Patapita zaka, kalata ya kubadwa kapena chitupa cha unzika chikuonetsa dzina lina, ndipo wogwira ntchito mu ofesi, amene sadziwa za mayi aang'ono, akuti munthuyu wanama. Sananame, koma fomu imafunsa za wobereka. Ngati pali malo a womuyang'anira kapena womulera, mayi aang'onowo alembedwe pamenepo.

Chimodzimodzi popempha tchuthi cha maliro kuntchito kumene abwana si a kwathu kuno. Mukati bambo anga amwalira, chonsecho zaka zitatu zapitazo munapemphanso tchuthi cha maliro a bambo, mudzakayikiridwa. Mukati ankolo amwalira, mwina akupatsani tsiku limodzi kapena kukukanizani. Njira yabwino ndi kupereka zonse ziwiri m'chiganizo chimodzi: wamwalira mng'ono wa bambo anga, amene anandilera bambo atamwalira, ndipo kwathu ndi bambo anga. Apa mwanena zoona za magazi, mwanenanso kulemera kwa malirowo.

Chachinayi, sankhani njira yoperekera

Njira zilipo zingapo, ndipo iliyonse ili ndi malo ake. Yodalirika kwambiri ndi kumasula liwulo kukhala mawu angapo osonyeza njira ya ubale, monga mlongo wa mayi anga, mng'ono wa bambo anga, mwana wa mlongo wa bambo anga. Chingerezi chimatha kunena zimenezi popanda vuto. Njirayi siinama, ndipo ndi yoyenera kukhoti, kuchipatala ndi pa mapepala. Kuipa kwake n'kwakuti imatopetsa ikabwerezedwa kakhumi, ndiponso imazizira. Palibe mwana amene amathamangira mlendo pakhomo akufuula kuti mlongo wa mayi wabwera.

N'chifukwa chake pa nkhani yaitali, kaya ndi nthano, mbiri ya munthu kapena lipoti la kafukufuku, ndi bwino kusunga liwu lathulo. Lifotokozeni kamodzi kokha pamene layamba kuoneka, mwachidule, kenako mulisiye liziyenda lokha. Owerenga amazolowera msanga ngati mawu osungidwawo ali ochepa. Atatu kapena anayi m'nkhani imodzi ndi okwanira. Mukasunga malume, azakhali, msuweni, mkamwini, mtengwa, nkhoswe, mlamu ndi apongozi onse patsamba limodzi, wowerenga atayika ndipo asiya. Sungani okhawo amene nkhani yatsamira, otsalawo muwamasule.

Pofotokoza kamodziko pali kachidule kamene kamagwira ntchito bwino. Amalume ndi mayi wachimuna, azakhali ndi bambo wachikazi. Si nthabwala ayi. Mu liwu loti malume muli ma wa mayi ndi lume wa mwamuna, yemwe uja timamumva mu Chitumbuka akamati mwanalume, ndipo alipo Achewa amene azakhali amawatcha atate aakazi. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Radcliffe-Brown, analemba za mfundo imeneyi mu 1924 pofotokoza za malume pakati pa mitundu ya kumwera kwa Afirika. Mlendo akamva kuti munthuyu ndi mbali ya mayi koma ali m'thupi lachimuna, amagwira msanga chifukwa chake ali pafupi chotere ndi ana.

Njira ina ndi kubwereka liwu la chinenero cha womverayo, ngati chili nalo. Mzulu simufunika kumufotokozera zambiri, nayenso amati umalume. Mswahili ali ndi mjomba ndi shangazi. Aluya nawonso amasiyanitsa mlongo wa mayi ndi mchimwene wa bambo. Koma chenjerani, kufanana kwa dzina si kufanana kwa udindo. Azulu amawerenga mtundu kudzera kwa bambo, choncho umalume wawo si mwini mbumba. Achewa a ku Zimbabwe amadziwa msampha wina: Chishona chimatcha mlongo wa mayi sekuru, liwu lomwelo la agogo aamuna. Mukamva Mshona akuti sekuru, funsani kaye musanamasulire kuti agogo.

Njira yotsiriza ndi kungoti ankolo n'kupitirira. Ine sindiikana. Ngati nkhani ndi yoti amalume anagula njinga ku Limbe, ndipo palibe chilichonse chotsamira pa umalume wawo, kuima n'kuyamba kuphunzitsa za mbumba ndi kuvutitsa womvera. Ankolo akwanira. Chofunika n'chakuti mutaye tanthauzolo mukudziwa kuti mwalitaya, mutaona kuti silifunika.

Chachisanu, tiyese pa nkhani yeniyeni

Tiyerekeze kuti mukutanthauzira mlendo wolankhula Chingerezi amene akufufuza za malo olima m'mudzi wina wa chikamwini ku Dedza. Wafunsa mayi wina kuti munda anaupeza bwanji, ndipo mayiyo akuyankha kuti:

"Munda uwu anandigawira amalume agogo atamwalira. Chaka chatha bambo aang'ono anafuna kubwereketsa chigawo cha kumunsiko kwa munthu wa fodya, koma amalume anawakaniza. Asuweni anga alibe gawo muno. Amene ndimalima naye ndi mng'ono wanga wa kwa mayi aang'ono."

Womasulira wothamanga anena kuti ankolo anamupatsa munda, ankolo anafuna kubwereketsa koma ankolo anakana, makazeni ake alibe gawo, koma amalima ndi kazeni wake. Mlendo alemba m'kope mwake kuti pali ankolo mmodzi wosinthasintha maganizo, ndiponso kuti mayiyu akudzitsutsa yekha pa za makazeni. Mawu onse amasuliridwa, koma nkhani yafa.

Yambani ndi pepala lija. Amalume ndi osavuta, komabe funsani ngati ali a mimba imodzi ndi mayi ake. Ayankha kuti inde, ndi achimwene awo aakulu a mayi. Agogo amene anamwalira ndi ati? Ndi mayi a mayi ake, kutanthauza kuti munda ukutsika kuchokera kwa mkazi kupita kwa mkazi, amalume akungoyang'anira. Tsopano bambo aang'ono. Apa pali njira ziwiri, ndipo simungalote. Mukafunsa, mayiyo akuti ndi amuna awo a mayi aang'ono. Ndiye kuti munthuyu alibe magazi ndi wolankhulayo ngakhale pang'ono. Ndi mkamwini, anabwera kudzakwatira m'mudzimo, ndipo n'chifukwa chake mawu ake pa za munda sanapite patali. Asuweni ndi ati? Ndi ana a amalume omwewo. Mng'ono wake uja ndi mwana wamkazi wa mayi aang'ono, mwana wa bambo aang'ono amene anakanizidwa aja.

Musanafunse mafunso amenewa, muuzeni mlendoyo kuti mukufuna kutsimikiza za ubale wa anthu atchulidwawo, kuti asaone ngati mukukambirana zanuzanu ndi mayiyo. Kenako perekani nkhaniyo motere, m'Chingerezi chosavuta: mundawu unali wa mayi a mayi ake. Iwo atamwalira, mlongo wa mayi ake, amene amayang'anira malo a mtundu wa kwa mayi, anamugawira. Chaka chatha mwamuna wa mng'ono wa mayi ake anafuna kubwereketsa mbali ina, koma woyang'anira uja anakana. Ana a woyang'anirayo alibe gawo pamalowa. Amene amalima naye ndi mwana wamkazi wa mng'ono wa mayi ake, amene iye amamuwerenga ngati mng'ono wake weniweni.

Apa mlendo adzadabwa pa chinthu chimodzi, ndipo kudabwako ndi chizindikiro choti wamva. Adzafunsa kuti zitheka bwanji kuti munthu wogawa malo ana ake omwe akhale opanda gawo. Funso limeneli libwezeni kwa mayiyo, ayankhe yekha kuti ana a amalume kwawo ndi kwa amayi awo, akalandira munda kumeneko. Ngati mwaona kuti pafunika kuwonjezera, nenani poyera kuti awa ndi mawu anu womasulira, si a mayiyo. Omasulira ena amasakaniza zofotokoza zawo ndi mawu a mboni, ndipo pamapeto lipoti limati mayi wa ku Dedza ananena zinthu zimene sanatchule n'komwe. Kukhoti zimenezi zikhoza kupotoza mlandu.

Onani kuti m'nkhani yonseyi simunafotokoze za chinkhoswe, za chisuweni kapena za ufumu. Zonsezo ndi zoona za amalume ndi asuweni, koma mlendoyo anafunsa za munda. Kuyambira pamenepa mukhoza kumuuza kuti woyang'anira ujayo timamutcha malume, ndipo m'midzi ina imene mudzapite liwulo lizingodutsa osamasulira.

Chachisanu ndi chimodzi, pobwerera ku Chichewa

Kuchoka ku Chingerezi kubwera kwathu n'kovuta kuposa, chifukwa Chichewa chimakukakamizani kunena zimene Chingerezi chinabisa. Nkhani ikati mnyamata analeredwa ndi ankolo ake, inu muyenera kusankha pakati pa amalume, bambo aakulu ndi bambo aang'ono. Chizolowezi cha ambiri, ngakhale pa wailesi ndi m'nyuzipepala, ndi kuthamangira amalume nthawi zonse. Pamenepo mwalowetsa m'nkhani chinthu chimene mwini wake sananene, ndipo womvera wa Chichewa amamva zambiri kuposa zimene mumafuna. Amalume olanda munda wa mwana wa mlongo wawo ndi nkhani ina, bambo aang'ono olanda munda wa mwana wa mkulu wawo ndi nkhani inanso.

Fufuzani kaye m'nkhani momwemo. Ngati ankolowo ali ndi dzina la bambo lofanana ndi la mnyamatayo, kwa Azungu nthawi zambiri ndiye kuti ndi a kwa bambo. Werengani mpaka kumapeto, mwina patsogolo atchula kuti mchemwali wanga, mayi ako. Ngati wolemba kapena wolankhula alipo, mufunseni.

Alaliki omasulira maulaliki a alendo amakumana nazo sabata ndi sabata, ndipo mwayi wawo ndi woti Baibulo kawirikawiri limapereka njira ya ubale. Labani anali mlongo wa Rebeka, mayi a Yakobo, monga tiwerenga pa Genesis 29:10. Ameneyo ndi malume weniweni, ndipo Leya ndi Rakele anali asuweni a Yakobo, chinthu chimene Mchewa amachimva msanga kuposa Mzungu. Koma mlendo akati Abrahamu anali ankolo a Loti, musati amalume. Loti anali mwana wa Harana, m'bale wake wa Abrahamu, choncho kwa ife Abrahamu anali bambo ake, ndipo kumutenga Loti pa ulendo kunali kutenga mwana wake. Mnyamata amene anaulula chiwembu chofuna kupha Paulo pa Machitidwe 23:16 anali mwana wa mlongo wake, ndiye Paulo analidi amalume. Estere anali mwana wa m'bale wa bambo a Moredekai. Chingerezi chimati kazeni, koma mukamasulira kuti msuweni mwalakwitsa, pakuti kwa ife anali mlongo wake.

Zikakanika kudziwika, musalote. Nenani kuti m'bale wa makolo ake, kapena gwiritsani ntchito ankolo yemweyo, poti liwuli linalowa kale m'Chichewa cha m'tauni ndipo phindu lake ndi lomweli, kusatchula mbali. Pa nthano yongopeka mukhoza kusankha nokha mbali imene ikugwirizana ndi khalidwe la munthuyo, bola musasinthe pakati pa nkhani. Pa umboni, pa wilo kapena pa nkhani ya m'nyuzipepala, kusankha nokha ndi kupeka.

Mwina n'kothandiza kudziwa kuti Azungu nawo sanayambe ndi liwu limodzi. Chilatini chinali ndi mawu osiyana a mlongo wa mayi ndi mchimwene wa bambo, ndipo ankolo wa lero anachokera ku liwu limene linkatanthauza malume yekha. Chingerezi chakale nachonso chinkasiyanitsa. Mukauza mlendo zimenezi amasiya kuona ngati ndife tikuchulutsa mawu popanda chifukwa.

Chachisanu ndi chiwiri, yesani ngati zamveka

Musafunse kuti mwamva, chifukwa aliyense amavomera. Mupatseni womverayo munthu wina woti amutchule. Mwachitsanzo, mukatha kufotokozera mwana wobadwira kunja, mufunseni kuti, mchimwene wanga ine mayi ako uzimutcha chiyani? Nanga mchimwene wa bambo ako? Nanga ana awo? Akayankha kuti woyamba ndi amalume, wachiwiri ndi bambo aakulu kapena aang'ono, ndiye kuti wagwira lamulo lija. Akati onse ndi amalume, wangosintha ankolo kukhala amalume, maganizo akadali a Chingerezi. Kwa ana, zithunzi za pafoni zimathandiza kuposa mzere wa mawu: muonetseni nkhope, mutchule dzina la ubale, munene kuti wadzera kwa yani. Ndipo poimba foni kumudzi muzimupatsa kuti apereke moni ndi dzina loyenera, chifukwa mwana amasunga liwu limene waligwiritsa ntchito kwa munthu wamoyo.

Kwa akuluakulu, zizindikiro zoti kufotokoza kwalephera zimaonekera m'mafunso awo. Akafunsa kuti nanga mayi ake enieni ndi ati, ndiye kuti munamasulira mayi aang'ono ngati mayi osanena njira. Akafunsa kuti bambo ake anali ndi akazi angati, ndiye kuti amva mayi aakulu ndi mayi aang'ono ngati mitala. Apa chenjerani, pakuti mawu omwewa amagwiradi ntchito pa mitala, ndiye muyenera kunena kuti mukutanthauza ziti. Akawerenga ana a m'banja n'kupeza khumi ndi asanu pamene mayi anabereka anayi, ndiye kuti ana a bambo aang'ono ndi a mayi aakulu alowa m'gulu la obadwa nawo. Pa kalembera kapena pogawa thandizo, kulakwitsa kotereku kumasintha chiwerengero cha pakhomo.

Njira yomweyi imagwira pa mawu ena opanda anzawo. Nkhoswe si mboni ya ukwati chabe, pakuti ntchito yake imayamba ukwati usanachitike ndipo imapitirira nthawi yonse banja likamakangana. Mufotokozeni ndi ntchito yake, munthu woimira mbali imodzi ya banja amene milandu ya m'nyumba imafikira kwa iye. Adzukulu pa maliro si ana a ana, ndi okumba manda ndi kuika maliro, ndipo womasulira wosazindikira amachititsa mlendo kuganiza kuti tinapatsa tiana makasu. Apongozi amapita mbali zonse ziwiri, kholo la mkazi wako komanso mkazi wa mwana wako, ndiye muyenera kuona amene akulankhula. Mbumba nayo ili ndi mbiri yake: pa nthawi ya Kamuzu Banda liwuli linkanena amayi onse a chipani ovina pa misonkhano, iye n'kumadzitcha nkhoswe yawo. Mukakumana nalo m'zolemba za zaka za pakati pa 1964 ndi 1994, onani kaye ngati akunena alongo a munthu kapena amayi ovala nsalu ya chipani, musanayambe kujambula mtundu papepala.